Chifuwa Chosatha m'Nyumba Yophikira Nkhuni: Ndi Utsi Wokha Kapena Pali China?

M'nyumba imene amaphikira pamafuwa, munthu akatsokomola mwezi wathunthu palibe amadabwa. Yankho limakhala lili kale pakamwa: "Ndi utsi umenewu." Nthawi zambiri yankholi limakhala loona, chifukwa utsi wa nkhuni umayambitsadi chifuwa chosatherapo. Chovuta n'chakuti chifuwa chachikulu cha TB, mphumu ndi matenda ena a m'mapapo amayambanso chimodzimodzi, ndipo m'khitchini yofuka amabisala bwino kwambiri. Ku Malawi mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, choncho pafupifupi aliyense wotsokomola ali ndi chifukwa chonamizira utsi. Ife tikuti utsi uchepetsedwe kuyambira lero, koma chifuwa chimene chafika masabata 2 chisatchedwe cha utsi makhololo asanayezedwe.

Zimene utsi umachita m'chifuwa

Utsi umene mumauona ndi maso, wolowa m'maso n'kutulutsa misozi, si umene umawononga kwambiri. Muli tinthu tina ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mphuno siitha kutitchinga. Timatsika mpaka m'timatumba ta mpweya mkati mwenimweni mwa mapapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati pa maola 24 tinthuti tisapitirire mamaikirogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. M'khitchini yotsekeka momwe mukuyaka moto wa pamafuwa, muyeso umafika mazanamazana, ndipo pa nthawi yokoleza moto umatha kupitirira 1,000.

Njira za mpweya zili ndi titsitsi tosaoneka ndi maso timene timakankhira fumbi ndi tizilombo kukhosi kuti munthu ameze kapena alavule. Utsi umafooketsa titsitsi timeneti, ndipo nthawi yomweyo umachititsa kuti njira za mpweyazo zizitulutsa makhololo ochuluka. Makhololo akachuluka koma chowakankha chafooka, chatsala n'kutsokomola basi. N'chifukwa chake mayi wophikira nkhuni amadzuka ndi chifuwa m'mawa: usiku wonse makhololo amakhala akuunjikana. N'chifukwa chakenso chimfine chimene mwa wina chimatha pa sabata imodzi, mwa iye chimasiya chifuwa cha mwezi. Mkati mwa njira za mpweya mumakhala mutanyuka, ndipo katatu pa tsiku utsi umabwera kudzanyulanso pomwepo.

Chifuwa cha utsi chili ndi khalidwe lake. Chimakula pokoleza moto ndi popemerera, chimabwera limodzi ndi kuyabwa kwa maso ndi kukerekesa kukhosi, makhololo ake amakhala oyera kapena otuwa, mwina okhala ndi timadontho takuda ta mwaye, ndipo munthu akachoka pakhomo masiku angapo chimachepa. Thupi silitentha, chilakolako cha chakudya chimakhalapo, zovala sizikhwepa. Koma musadalire khalidweli kuti likuuzeni zoti mulibe TB. Munthu wa TB nayenso amatsokomola kwambiri akalowa mu utsi, nayenso amapezako bwino akakhala pamphepo yabwino, ndipo miyezi yoyambirira angathe kumalima ndi kutunga madzi monga mwa masiku onse. Zinthu ziwirizi zimathanso kukhala mwa munthu mmodzi, pakuti mapapo ofooketsedwa ndi utsi savuta kugwidwa ndi matenda.

Tsiku loyenera kupita kukayezetsa

Choyamba n'kudziwa tsiku limene chifuwa chinayamba. Ambiri akafunsidwa kuchipatala amati "chayamba posachedwapa", pamene chinayamba chimanga chisanakololedwe. Lembani tsikulo pakalendala kapena kumbuyo kwa buku la kuchipatala. Munthu wamkulu amene alibe HIV, chifuwa chikakwanitsa masabata 2 apite akapereke makhololo, ngakhale akumva kuti ali ndi mphamvu. Munthu amene ali ndi HIV asadikire masabata 2: chifuwa cha masiku angati alionse, kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuonda n'zokwanira kuti ayezedwe TB, ngakhale akumwa ma ARV mokhulupirika. N'chimodzimodzinso munthu amene amakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB, amene anadwalapo TB kale, wodwala shuga, ndi amene anagwirapo ntchito m'migodi kapena anakhalapo m'ndende.

Pali zizindikiro zina zimene zimafupikitsa nthawi yodikira kwa wina aliyense. Thukuta la usiku lonyowetsa zofunda ngakhale kunja kukuzizira, kutentha thupi madzulo kwa masiku ambiri malungo atayezedwa osapezeka, kuonda popanda chifukwa, ndi timabulu totupa m'khosi kapena m'khwapa, zonsezi utsi wokha suchita. Ndipo pali zofuna chipatala tsiku lomwelo, usiku ukhale usiku: kutsokomola magazi, kubanika munthu atangokhala pansi, kulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha phuma, kupweteka kobaya m'nthiti pamodzi ndi kutentha thupi kwambiri, milomo kuchita bii, kapena kusokonezeka mutu.

Kumudzi, munthu akamatsokomola n'kumaonda, akuluakulu ena amaganizira za tsempho kapena mdulo. Banja likafuna kukambirana zimenezo likambirane, koma botolo la makhololo lipite kuchipatala sabata yomweyo. Zizindikiro zimene anthu amazitchula pa tsempho ndi zomwezo za TB, ndipo miyezi imene imatha pofufuza amene walakwa ndi imene ana a m'nyumbamo amakhala akupuma tizilombo.

Kwa ana osakwana zaka 5 choopsa chapafupi ndi chibayo, ndipo chimadziwika powerenga mpweya. Mwana akhale chete kapena agone, mumuvule malaya, muyang'ane pamimba, ndipo muwerenge kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya foni. Khanda losakwana miyezi 2 likamapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50 kapena kuposa, ndi wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40 kapena kuposa, akupuma mothamanga ndipo aonedwe tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pamene akukoka mpweya, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena sakudzutsika bwino, thamangani naye. Mwana amene watsokomola masiku oposa 14, kapena sikelo yake yaima kapena kutsika, ayezedwe TB ngakhale asakupuma mothamanga.

Makhololo oyenera kuyezedwa

Kuyezetsa TB ndi mankhwala ake ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo m'madera ambiri muli malo osonkhanitsira makhololo m'midzi momwemo, amene mlangizi wa zaumoyo angakulozereni. Kuyeza kulipo kwa mitundu iwiri. Makina oonera tinthu ting'onoting'ono amafuna kuti tizilombo tikhale tochuluka, masauzande angapo m'mililita imodzi, choncho amaphonya odwala ambiri, makamaka ana ndi anthu amene ali ndi HIV. Makina a GeneXpert amafufuza chibadwa cha kachilomboko, amakapeza ngakhale tili tochepa, amamaliza pa maola pafupifupi 2, ndipo amanenanso ngati kachilomboko kakukana mankhwala a TB otchedwa rifampisini. Sizipatala zonse zili ndi makinawa, motero botolo limatumizidwa kwina ndipo zotsatira zingatenge masiku angapo. Musachoke osafunsa tsiku lodzazitenga.

Makina abwino chotani sangapeze kanthu m'malovu, ndipo apa ndi pamene kuyeza kwambiri kumalephereka. Wodwala amapatsidwa botolo, amachita manyazi ndi anthu a pamzere, amalavuliramo msangamsanga n'kubweza. Zoyenera kuchita ndi izi. Tsukani m'kamwa ndi madzi okha kuti muchotse nyenyeswa za chakudya. Pitani panja pamphepo, kutali ndi anthu, osati m'chimbudzi kapena m'kachipinda kotseka. Kokani mpweya wambiri, muugwire pang'ono, muutulutse pang'onopang'ono, ndipo muchite zimenezi katatu. Kachitatuko tsokomolani mwamphamvu kuchokera pansi pa chifuwa, n'kulavulira m'botolo mosapaka kunja kwake. Makhololo enieni ndi olimba, onanda, oyera mwa mtambo, achikasu kapena obiriwira. Malovu ndi amadzimadzi ndi athovu. Pafunika okwana sipuni yaing'ono imodzi, mamililita 3 mpaka 5. Akakanika kutuluka, imwani madzi ofunda, yendani mofulumira mphindi zingapo, muyesenso. A m'mawa kwambiri, munthu atangodzuka asanadye, ndiwo abwino koposa. Tsekani botolo mwamphamvu, lisakhale padzuwa, lifike kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musambe m'manja.

Ana aang'ono amameza makhololo m'malo molavula. Kwa iwo achipatala amadalira mbiri ya m'banja, sikelo, chithunzi cha m'chifuwa, ndipo m'malo ena amayeza chimbudzi cha mwanayo m'makina omwewo. Kwa munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chake chatsika kwambiri kapena wadwalika, palinso kuyeza TB m'mkodzo. Aliyense woyezedwa TB amapemphedwa kuyezetsanso HIV, ndipo ndi bwino kuvomera, chifukwa zotsatira zake zimasintha mmene dokotala awerengere zina zonse.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira poyamba

Tiyerekeze mayi wa zaka 38, wa ana atatu, wamng'ono wa zaka 2. Amaphika katatu pa tsiku m'khitchini ya mamita 2 mbali zonse, ya khomo limodzi, yopanda zenera, denga lake lakuda ndi mwaye. Mu Juni anadwala chimfine. Mamina anatha pa sabata imodzi, chifuwa chinatsala. Sabata yachiwiri anagula makapisozi 6 a amokisisilini pagolosale, anamwa masiku 2, anamvako bwino, n'kusiya. Sabata yachitatu anapita kuchipatala chaching'ono. Sikelo inaonetsa makilogalamu 56, HIV sanamupeze nayo, ndipo m'botolo anapereka zamadzimadzi. Zotsatira zinabwera zolembedwa kuti MTB NOT DETECTED. Anapatsidwa mankhwala a masiku 5 n'kuuzidwa kuti abwerenso ngati chifuwa sichitha.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokera. Mawu akuti "sanapeze TB" amamveka ngati "mulibe TB", ndipo mlandu wonse umabwerera kwa utsi. Koma zotsatirazo zimangonena za botolo limodzilo. Mayiyu anasamutsira moto pakhonde, mchemwali wake anamuphikira masabata 2, ndipo chifuwa cha masana chinachepadi. Cha usiku sichinasinthe, ndipo anayamba kudzuka malaya atanyowa. Patatha mwezi anabwerera kuchipatala: makilogalamu 53. Kutaya makilogalamu 3 pa mwezi umodzi, munthu akudya monga kale nthawi ya zokolola, si ntchito ya utsi. Chithunzi cha m'chifuwa chinaonetsa mthunzi kumtunda kwa phapo lakumanja, ndipo makhololo a m'mawa, operekedwa bwino, anatuluka MTB DETECTED LOW, ndi mawu ena akuti Rif Resistance NOT DETECTED, kutanthauza kuti TB ilipo ndipo mankhwala a masiku onse aigwira.

Mankhwalawo ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu inayi yophatikizidwa m'piritsi limodzi, miyezi 4 yotsatira mitundu iwiri, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera sikelo. Mkodzo umasanduka wofiirira chifukwa cha rifampisini, ndipo zimenezo si zoopsa. Maso akachita chikasu kapena akamasanza kosalekeza ndiye abwerere msanga. Rifampisini amafooketsanso mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono, choncho mayi anene njira imene akugwiritsa ntchito. Onse a m'nyumbamo afufuzidwe, ndipo mwana wa zaka 2 uja, akapezeka kuti sakudwala, apatsidwe mankhwala oteteza. Pa nkhani yonseyi, chimene chinaulula matenda si mankhwala kapena makina atsopano ayi, koma sikelo yolembedwa m'buku ndi kubwereranso kachiwiri.

Kugula mankhwala pagolosale kuli ndi vuto lina limene ambiri salidziwa. Amokisisilini ndi bakitirimu sapha TB, koma amapha tizilombo tina tokhala nayo limodzi, motero munthu amamvako bwino masiku angapo n'kuchedwa kuyezetsa. Sipurofulokisasini ndi anzake ndiye oipitsitsa pa nkhaniyi, chifukwa amaifooketsa TB pang'ono osaimaliza: chifuwa chimachepa, makhololo angathe kuoneka opanda kanthu, ndipo kachilombo kamaphunzira kukana gulu la mankhwala limene limafunika pochiza TB yosamva mankhwala.

Kuchepetsa chifuwa podikira zotsatira

Chothandiza kwambiri ndiponso chosalira ndalama n'chakuti wotsokomolayo apume kuphika masabata 2. Tikudziwa kuti m'mabanja ambiri zimenezi n'zovuta kuzinena, koma bambo, mchemwali kapena mwana wamkulu angathe kugwira mthiko, ndipo ngati n'zosatheka, wina azikoleza moto kuti wodwalayo azifika malawi atagwira kale. Usiku agone pafupi ndi zenera lotsekula, padera ndi ana aang'ono ngati malo alipo, ndipo azitsokomolera m'kati mwa chigongono kapena m'kansalu mpaka zotsatira zitadziwika.

Madzi ofunda omwa pafupipafupi amafewetsa kukhosi ndipo amathandiza kuti makhololo asaume. Uchi umachepetsadi chifuwa cha usiku: theka la sipuni yaing'ono kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, sipuni imodzi kapena ziwiri kwa wamkulu, wokha kapena m'madzi ofunda a mandimu, pogona. Khanda losakwana chaka lisapatsidwe uchi ngakhale pang'ono, chifukwa ungathe kulipatsa matenda oopsa ofooketsa minofu. Mankhwala ake a chifuwa ndi bere. Kukhosi kukamakerekesa, sungunulani theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muchukuche kukhosi n'kulavula. Amene chifuwa chimawavuta akagona chagada akweze kumutu, ndipo ngati amamvanso chilungulira asagone pasanathe maola 2 kapena 3 atadya nsima.

Makhololo akakhala ambiri, kutsokomola mwamphamvu kosalekeza kumangotopetsa ndi kupweteketsa nthiti. Njira yabwino ndi kukhala tsonga, kupuma modekha kangapo, kukoka mpweya wambiri katatu, kenako kuutulutsa mwamphamvu pakamwa potsekula monga muchitira pofuna kuchititsa nthunzi pagalasi. Kutero kawiri kapena katatu kumakweza makhololo kufika kukhosi, ndipo kutsokomola kumodzi kumawatulutsa. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo, panja.

Mankhwala amadzi a chifuwa ogula m'masitolo sachiza chimene chayambitsa chifuwacho, ndipo kwa ana osakwana zaka 6 savomerezeka. Okhala ndi kodini amaletsa kutsokomola pamene makhololo akufunika kutuluka, komanso amazolowereka. Kufukiza ndi masamba a bulugamu, kumene kunafala kwambiri nthawi ya Kovidi, kungatsegule mphuno kwa kanthawi koma sikufika m'mapapo, ndipo poto wa madzi owira pansi pa bulangeti wapsereza ana ambiri. Mwana asafukizidwe, ndipo wa mphumu nthunzi ya fungo lamphamvu ingathe kumutsekera chifuwa.

Khitchini

Utsi ndi nkhuni zimene sizinapse bwino. Nkhuni yongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madziwo usanayake, n'chifukwa chake nkhuni yaiwisi imalira ndi kuchita thovu kumapeto kwinaku ikufuka. Waziranitu nkhuni zikhale zonenepa ngati dzanja la mwana kapena kucheperapo, muziike pathandala kuti zisakhudze dothi, pansi pa denga, mphepo izidutsa. Youma bwino imapepuka, imang'aluka kumapeto, ndipo ziwiri mukazigunditsa zimalira kuti ngwe. Za nthawi ya mvula zisonkhanitsidwe mu Seputembala ndi Okutobala. Posonkha moto ikani nkhuni ziwiri kapena zitatu, muzizikankhira mkati pang'onopang'ono. Kudzaza nkhuni pansi pa poto kumatsekereza mpweya ndipo moto umangonyeka. Musakolezere majumbo, zidutswa za matayala kapena nsapato zakutha, ngakhale zimagwira msanga, chifukwa utsi wake uli ndi poizoni woposa wa nkhuni. Ndipo popemerera gwiritsani ntchito chivundikiro kapena katoni. Kugwada n'kuuzira ndi pakamwa kumaika nkhope pamalo a utsi wochuluka kwambiri, ndipo pokoka mpweya woti muuzirenso mumaumeza wonse.

Kuphikira panja kapena pakhonde, mutakhala kumene mphepo ikuchokera, kumachepetsa utsi wopumidwa kuposa china chilichonse chimene mungachite m'khitchini yotseka. Nthawi ya mvula, khitchini ikhale ndi potulukira utsi pamwamba. Utsi wotentha umakwera, ukasowa njira umadzaza denga n'kutsikira pamutu pa wophika, choncho zenera la m'munsi silikwanira. Siyani mpata wokwana chikhatho pakati pa khoma ndi denga kuzungulira, kapena chotsani njerwa zingapo za mzere wapamwamba mbali ziwiri zoyang'anizana. Mpweya wabwino ulowere pakhomo, utsi utulukire pamwamba. Mungaone nokha ngati zatheka: moto ukayaka mphindi 10, imani pakhomo muone pamene utsi walekezera. Ukakhala m'munsi mwa mutu wa munthu woimirira, mipata ndi yochepa.

Nthawi yokhala pamoto nayo ingachepe. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, poto wovundikira amawira msanga, ndipo ndiwo zikadulidwiratu panja moto usanakolezedwe, wophika sakhala mu utsi popanda chifukwa. Nyemba zikakhala pamoto palibe chokhalira m'khitchini. Mwana wobereka kumbuyo amapuma utsi womwewo, ndipo popeza amapuma mofulumira kuposa mayi ake, amamwa wochuluka poyerekeza ndi thupi lake. Povundula nsima asiyidwe ndi wina panja. Musaiwale koloboyi, mankhwala ofukiza a udzudzu, kutentha zinyalala pafupi ndi nyumba, ndi fodya wa abambo, zimene zimapitiriza usiku ntchito imene moto unayamba masana.

Makala amanyenga chifukwa safuka kwambiri. Amatulutsa mpweya wa kaboni monokisaidi umene ulibe fungo kapena mtundu. Mbaula ikolezedwe panja mpaka makala afiire, iphikiridwe pamalo podutsa mphepo, ndipo isalowe m'chipinda chogona, ngakhale kuzizire chotani mu Juni ndi Julayi. Anthu angapo m'nyumba imodzi akamva mutu, chizungulire ndi mseru nthawi imodzi, atuluke panja msanga, zitseko zitsekulidwe, ndipo amene wafooka kapena kukomoka apite naye kuchipatala.

Za mbaula zamakono tinene zoona. Chitetezo mbaula imasunga nkhuni, imatchinga moto ku mphepo ndipo imanyamulika kupita panja, zomwe ndi phindu lenileni. Koma mbaula yokha si mankhwala a chifuwa. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, zotsatira zake n'kutuluka mu 2016, anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Midzi ina inapatsidwa mbaula zokhala ndi fani, zotulutsa utsi wochepa kwambiri kuposa mbaula zadothi, ina inapitiriza kuphikira pamafuwa. Chibayo sichinachepe mwa ana a m'midzi ya mbaulazo, ngakhale kupsa ndi moto kunachepa. Mwa zifukwa zimene zinaganiziridwa ndi zakuti mbaula zinkawonongeka, mabanja ankaphikirabe pamafuwa pambali, ndipo ana ankapumabe utsi wa zinyalala ndi wa nyumba zoyandikana. Gasi ndi magetsi ndizo zimachotsadi utsi kwa amene angakwanitse. Kwa ena onse, mbaula iyendere limodzi ndi nkhuni zouma, mipata ya pamwamba ndi kuphikira panja.

TB ikapanda kupezeka kachiwiri

Makhololo abwino akayezedwa kawiri osapezeka kanthu, chithunzi chili bwino, sikelo sikutsika, koma chifuwa chapitirira masabata 8, mafunso amasintha. Loyamba ndi la mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Enalapiri, kaputopiri ndi lisinopiri amayambitsa chifuwa chouma chokerekesa mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 10 alionse owamwa, nthawi zina patatha miyezi chiyambireni kumwa. Musasiye nokha, tengani mapaketi onse kuchipatala kuti akusinthireni, ndipo chifuwacho kawirikawiri chimatha pasanathe mwezi.

Lachiwiri ndi mphumu, imene mwa ena imaoneka ngati chifuwa chokha. Imavuta usiku ndi mbandakucha, m'chifuwa mumalira kuti tswii, imabwera ndi kupita, ndipo utsi, fumbi ndi kuzizira zimaidzutsa. Mankhwala opopera a salubutamo amatsegula njira za mpweya pa mphindi zochepa, koma amene akuwafuna koposa kawiri pa sabata afunika opopera ena oletsa kutupa, monga bekulometazoni. Ambiri amati opopera sagwira ntchito pamene mankhwala akuthera palilime. Botolo loyera la pulasitiki la mamililita 500 limathandiza: boolani kumatako kwake bowo lokwana kukamwa kwa chopoperacho, ikani kukamwa kwa botolo m'kamwa mwanu, khutchumulani chopopera, poperani kamodzi, n'kupuma m'botolomo ka 5, kenako mubwereze ngati mwauzidwa kupopera kawiri.

Mwa amayi opitirira zaka 40 amene aphikira nkhuni kuyambira utsikana, chifuwa cha makhololo cha chaka ndi chaka pamodzi ndi phuma pokwera chitunda kapena posenza madzi zingatanthauze kuti njira za mpweya zinawonongeka mpaka kalekale, monga zimachitikira kwa osuta fodya. Zimatsimikizika popuma m'makina oyeza mphamvu ya mapapo, amene amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa. Zowonongekazo sizibwerera, koma kuchoka mu utsi kumachedwetsa kuwonongeka kwina ndipo opopera amachepetsa phuma. Amene anachira TB angathenso kutsala ndi zipsera m'mapapo zotsokomoletsa zaka zambiri. Iwowa auze achipatala za TB yakaleyo, chifukwa GeneXpert imatha kuona zotsalira za tizilombo takufa, ndipo dokotala amafunika kuyerekeza ndi zithunzi ndi zizindikiro asanayambitsenso mankhwala. Wachikulire amene akutupa mapazi, kubanika akagona chagada ndi kutsokomola usiku ayezedwe mtima, ndipo wosuta fodya amene mawu asasa kwa masabata angapo kapena waona magazi apemphe kutumizidwa kuchipatala chachikulu.

Zonsezi zikachotsedwa, pamenepo tingati chifuwacho n'cha utsi, ndipo chiyenera kuyamba kuchepa pa mwezi umodzi kapena iwiri khitchini itasinthidwa. Pa nthawiyi kwerani sikelo imodzimodziyo kamodzi pa mwezi n'kulemba m'buku la kuchipatala. Sikelo ikatsika ndi makilogalamu 2 kapena kuposa, thukuta la usiku likayamba, makhololo akasintha mtundu kapena kuonetsa magazi, kapena wina m'nyumbamo akayamba kutsokomola kosatha, kaperekeninso makhololo ngakhale munayezetsa miyezi iwiri yapitayo.